Akalulu a ku Pisa ndi njira yodumphira pa nambala ya 100

M'chaka cha 1202, Leonardo wa mumzinda wa Pisa ku Italy, yemwe masiku ano amadziwika ndi dzina lakuti Fibonacci, anatulutsa buku la masamu lotchedwa Liber Abaci. Bukuli kwenikweni linali lophunzitsa amalonda kuwerengetsa ndi manambala a Aindiya ndi Aarabu, omwe iye anawaphunzira ali mnyamata ku Bugia, doko la m'dziko lomwe pano ndi Algeria. Mkati mwake munali funso la akalulu. Munthu watsekera akalulu awiri, wamwamuna ndi wamkazi, pamalo otchingidwa ndi khoma. Banja lililonse la akalulu limabereka banja lina limodzi mwezi uliwonse, ndipo anawo nawonso amayamba kubereka akafika mwezi wachiwiri. Palibe amene akufa. Kodi chaka chikamatha padzakhala mabanja angati? Leonardo anawerengetsa mwezi ndi mwezi napeza 377.

Mndandanda wa manambala umene unatuluka pamenepo masiku ano amauyambira pa ziro: 0, 1, 1, 2, 3, 5, 8, 13, 21, 34, 55, 89, 144, 233, 377. Lamulo lake ndi limodzi lokha: nambala iliyonse imapezeka pophatikiza ziwiri zimene zili kumbuyo kwake. Akatswiri a ndakatulo za Chisansikiriti ku India anali ataudziwa kale. Hemachandra, cha m'ma 1150, anaupeza powerenga njira zoyalira maphatikizo aafupi ndi aatali mumzere wa ndakatulo.

Lamuloli ndi lophweka, koma lili ndi vuto. Likalembedwa kuti F(n+2) = F(n+1) + F(n), likutanthauza kuti wofuna nambala ya 100 ayenera kudziwa ya 99 ndi ya 98, ndipo izonso zimafuna zam'mbuyo mwawo mpaka kubwerera pa 0 ndi 1. Kodi palibe fomula yoti munthu angoikamo 100 n'kupeza yankho osadutsa m'manambala onsewo? Ilipo. Abraham de Moivre ndi Daniel Bernoulli ankaidziwa m'zaka za m'ma 1700, ngakhale kuti dzina limene linamatirira ndi la Jacques Binet, yemwe anaisindikiza mu 1843. Njira zoipezera n'zingapo, koma ya matirikisi ndi imene imaonetsa poyera chifukwa chake fomulayo ili momwe iliri.

Poyambira ndi kuona kuti mndandandawu sukumbukira zinthu zambiri. Kuti upite patsogolo umangofuna manambala awiri omalizira. Choncho m'malo motsata nambala imodzi imodzi, munthu atha kumanyamula awiri pamodzi, yatsopano pamwamba, yakale pansi. Manambala oyendera limodzi chonchi amatchedwa vekita. Vekita ya (8, 5) imasanduka (13, 8), imeneyo n'kusanduka (21, 13). Nthawi iliyonse pakuchitika zinthu ziwiri: pamwamba pakubwera nambala yatsopano yophatikiza, ndipo imene inali pamwamba ikutsikira pansi.

Ntchito ziwirizi zitha kulembedwa m'katebulo ka manambala anayi, kamene a masamu amakatcha matirikisi:

```
A = | 1  1 |
    | 1  0 |
```

Mzere wapamwamba ukunena kuti: tenga nambala yapamwamba kamodzi, yapansi kamodzi, uziphatikize. Mzere wapansi ukunena kuti: tenga yapamwamba kamodzi, yapansiyo uisiye. Pa (8, 5), mzere woyamba ukupereka 1×8 + 1×5 = 13, wachiwiri 1×8 + 0×5 = 8. Amenewa ndiwo matirikisi otsagana ndi lamulo la mndandandawo. Kamangidwe kake sikasintha: mzere wapamwamba umanyamula manambala a lamulo, mizere yapansi imangokankhira manambala akale malo amodzi kunsi.

Apa funso lasintha nkhope. Vekita yoyambira ndi (1, 0). Kuichulukitsa ndi A kamodzi n'kuyenda sitepe imodzi, kuichulukitsa ka 100 n'kuyenda masitepe 100. Tsono chofunika n'kupeza Aⁿ, kutanthauza A wochulukitsidwa ndi iye mwini ka n. Wochita zimenezi pamanja amapeza kuti A² ali ndi mizere (2, 1) ndi (1, 1), A³ ali ndi (3, 2) ndi (2, 1), A⁴ ali ndi (5, 3) ndi (3, 2). Manambala a Fibonacci akungotulukira m'kona zonse. N'zosangalatsa kuona, koma ntchito sinachepe, pakuti kuchulukitsa matirikisi ka 100 n'kolemetsa kuposa kuphatikiza manambala ka 100.

Chimene chimavutitsa n'chakuti A amasakaniza manambala awiri a vekita nthawi iliyonse. Pali mtundu wina wa matirikisi umene susakaniza. Manambala ake amakhala pa dayagonalo pokha, ndiye kuti pamzere wochokera kona yakumanzere pamwamba kupita kona yakumanja pansi, kwina konseko ndi ziro. Matirikisi otere okhala ndi 2 ndi 3 pa dayagonalo amangochulukitsa nambala yapamwamba ndi 2, yapansi ndi 3, iliyonse payokha. Akagwira ntchito ka 5, yapamwamba yachulukitsidwa ndi 2⁵ = 32, yapansi ndi 3⁵ = 243, basi. Njira yonse ya dayagonalizeshoni yagona pa funso limodzi: kodi A angaonedwe kuchokera mbali ina kumene naye sakusakaniza?

Kuti yankho lipezeke, pamafunika kusaka mavekita apadera amene A sawasokoneza maonekedwe, amangowakulitsa kapena kuwachepetsa. Tinene kuti vekita yotero ndi (x, 1). A amaisandutsa (x + 1, x). Kuti yatsopanoyi ikhale yakale yomwe ija yongochulukitsidwa ndi nambala ina, pansi pakuonetsa kuti nambalayo ndi x, chifukwa 1 wasanduka x. Ndiye pamwambaponso x ayenera kuchulukitsidwa ndi x, zimene zikutanthauza kuti x² = x + 1. Ikweshoni imeneyi ndi lamulo la mndandanda lomwe lija, F(n+2) atakhala x², F(n+1) atakhala x, F(n) atakhala 1. Izi sizinangochitika mwamwayi. Vekita yapadera ndi chidutswa cha mndandanda wa mtundu wa 1, x, x², x³, umene umayenda pongochulukitsa, ndipo ikweshoniyo ikufunsa kuti ndi x uti amene mndandanda wake umamveranso lamulo la kuphatikiza.

Wophunzira wa kusekondale amene anaphunzira ikweshoni ya kwadiratiki atha kuimasula. Mayankho ndi awiri:

```
φ = (1 + √5)/2 =  1.6180339...
ψ = (1 − √5)/2 = −0.6180339...
```

Manambala awiriwa amatchedwa ma aigenivalu a A, ndipo (φ, 1) ndi (ψ, 1) ndiwo ma aigenivekita ake. Pa vekita yoyamba, A ali ngati kuchulukitsa ndi 1.618. Pa yachiwiri ali ngati kuchulukitsa ndi −0.618, zimene zimachepetsa vekitayo n'kumaitembenuza chizindikiro sitepe iliyonse.

Koma vekita yoyambira, (1, 0), si imodzi mwa ziwirizi. Ndi yosakaniza, monga mbewu ya chimanga ndi nyemba yomwe yathiridwa m'lichero limodzi: wofuna kudziwa zimene adzakolole ayenera kuzipatula kaye, chifukwa chilichonse chimabereka mwa mtundu wake. Kupatulako n'kupeza c ndi d oti c×(φ, 1) + d×(ψ, 1) apereke (1, 0). Mzere wapansi ukuti c + d = 0, choncho d = −c. Wapamwamba ukuti c×(φ − ψ) = 1, ndipo poti φ − ψ = √5, c ndi 1/√5. Gawo loyamba lizichulukitsidwa ndi φ sitepe iliyonse, lachiwiri ndi ψ, osakhudzana. Pakatha masitepe n, nambala yapansi pa vekita ndi iyi:

```
F(n) = (φⁿ − ψⁿ)/√5
```

Mabuku a kuyunivesite amalemba nkhani yomweyi m'zilembo zitatu. Ma aigenivekita amawaimika moyandikana n'kupanga matirikisi P, ma aigenivalu amawaika pa dayagonalo ya matirikisi D, ndipo P⁻¹ ndi matirikisi obweza zimene P wachita:

```
P = | φ  ψ |    D = | φ  0 |    P⁻¹ = (1/√5) |  1  −ψ |
    | 1  1 |        | 0  ψ |                 | −1   φ |

A = P D P⁻¹        Aⁿ = P Dⁿ P⁻¹
```

Zilembozi zimawerengedwa kuchokera kumanja. P⁻¹ amapatula vekita kukhala magawo ake awiri, D amakulitsa gawo lililonse palokha, P amawaphatikizanso. A akachulukitsidwa kawiri, pakati pamakumana P⁻¹ ndi P, n'kufafanizana, kutsala P D² P⁻¹. Zimachitika chimodzimodzi ngakhale ka 100: kupatula kamodzi pachiyambi, kuphatikiza kamodzi pamapeto, ndipo ntchito yonse yapakati ili m'manja mwa D amene savuta. Cholakwa chimene ophunzira amachita kawirikawiri pano n'kusinthanitsa dongosolo. Ngati φ ali poyamba mu D, vekita yake iyeneranso kukhala mzere woimirira woyamba mu P. Wokayika achulukitse P D P⁻¹ aone ngati akubwerera pa 1, 1, 1, 0.

Fomula yodzaza ndi √5, nambala imene madesimo ake satha, ingatulutse bwanji manambala athunthu a akalulu? Kuyesa ndi n = 10 kumathandiza. φ¹⁰ ndi pafupifupi 122.99187, ψ¹⁰ ndi pafupifupi 0.00813. Kuchotsera kukupereka 122.98374, ndipo kugawa ndi 2.236068 kukupereka 55. Mumndandanda uja, kuwerenga 0 ngati nambala ya ziro, ya 10 ndi 55. Chifukwa chake n'chakuti φ ndi ψ amangosiyana chizindikiro cha √5. Pochotsera, zigawo zopanda √5 zimafafanizana, zokhala ndi √5 zimatsala, ndipo kugawa kuja kumachotsa √5 womalizayo.

Kuyesaku kukuonetsanso chinthu chimene lamulo la kuphatikiza limabisa. Gawo la ψ ndi laling'ono, ndipo likunka lichepa chifukwa 0.618 ndi wosakwana 1. Choncho F(n) ndi nambala yathunthu yoyandikana kwambiri ndi φⁿ/√5, ndipo mndandandawo umakula ndi pafupifupi 61.8 peresenti sitepe iliyonse. N'chifukwa chake 55 kugawa ndi 34 ndi 1.6176, pamene 89 kugawa ndi 55 ndi 1.6182: manambala ogawidwawa akuyandikira φ, ina kuchokera pansi, yotsatira kuchokera pamwamba, ndipo kusinthanasinthana kumeneko ndi ntchito ya chizindikiro cha negetivu cha ψ. Phindu lenileni la njirayi lili pamenepa. Imanena kuti mndandanda udzakula mofulumira bwanji, ngati udzagwedezeka, ngati udzazimirira, munthu asanawerengetse n'komwe manambala ake.

Njira yomweyi imagwira pa lamulo lina lililonse la mtunduwu, ndipo nthawi zina manambala amatuluka oyera. Mmisiri akuyala matayilosi m'khonde lopapatiza, la mulifupi mabokosi awiri ndi mulitali mabokosi n. Ali ndi tayilosi la mabokosi 1 kwa 2 ndi lina la 2 kwa 2. Angayale m'njira zingati? Kumapeto kwa khondelo kutha kukhala tayilosi limodzi laling'ono lopingasa, lomwe latenga bokosi limodzi la mulitali. Apo ayi, mabokosi awiri omalizira atsekedwa ndi tayilosi lalikulu kapena ndi aang'ono awiri ogona motsata khondelo. Lamulo ndiye T(n+2) = T(n+1) + 2T(n), kuyambira pa 1 ndi 1, ndipo mndandanda ndi 1, 1, 3, 5, 11, 21, 43.

Matirikisi otsagana nawo ali ndi (1, 2) pamwamba ndi (1, 0) pansi. Ikweshoni ndi x² = x + 2, mayankho ake 2 ndi −1, mavekita ake (2, 1) ndi (−1, 1). Kupatula (1, 1) kukupereka 2c − d = 1 ndi c + d = 1, ndiye c = 2/3 ndi d = 1/3. Fomula ikutuluka kuti T(n) = (2ⁿ⁺¹ + (−1)ⁿ)/3. Khonde la mabokosi 10 lili ndi njira (2048 + 1)/3 = 683, ndipo wopitiriza mndandanda pamanja, 85, 171, 341, afika pa 683 yemweyo.

Lamulo likamayang'ana manambala atatu akumbuyo, matirikisi amakhala a mizere itatu. Narayana Pandita wa ku India, m'buku lake Ganita Kaumudi la mu 1356, anafunsa za ng'ombe imene imabereka thole chaka chilichonse, thole nalo n'kuyamba kubereka m'chaka chake chachinayi. Lamulo lake ndi N(n+3) = N(n+2) + N(n), ndipo matirikisi ake ndi awa:

```
| 1  0  1 |
| 1  0  0 |
| 0  1  0 |
```

Ikweshoni ndi x³ = x² + 1, ndipo aigenivekita iliyonse ndi (x², x, 1). Yankho lalikulu ndi pafupifupi 1.4656, choncho khola la Narayana limakula ndi pafupifupi 46.6 peresenti pachaka. Mayankho ena awiri ndi manambala a kompulekisi, okhala ndi sikweya ruti ya −1 mkati mwake. Zimenezi siziletsa njirayi kugwira ntchito. Awiriwo amabwera ngati mapasa, zigawo zawo zachilendozo zimafafanizana, ndipo poti kukula kwawo sikukwana 1, amazimirira monga anachitira ψ.

Pali malo amodzi pamene dayagonalizeshoni imakaniratu, ndipo ndi bwino kuwadziwa pasadakhale. Lamulo lakuti a(n+2) = 4a(n+1) − 4a(n), kuyambira pa 0 ndi 1, limapereka 0, 1, 4, 12, 32, 80. Ikweshoni yake ndi x² − 4x + 4 = 0, yomwe ndi (x − 2)² = 0. Yankho ndi 2, kawiri. Popeza aigenivekita ya matirikisi otsagana nthawi zonse imakhala (x, 1), pano pali imodzi yokha, (2, 1). Mu P mizere yoimirira iwiri ikhala yofanana, ndipo matirikisi otere alibe P⁻¹. Wokakamira njira ija alemba c×2ⁿ + d×2ⁿ, n'kupeza kuti nambala yoyamba, 0, ikufuna c + d = 0, zimene zikupangitsa mndandanda wonse kukhala ziro, pomwe nambala yachiwiri ndi 1. Apo ndi pamene amadziwira kuti wagunda khoma.

Chizindikiro chake chimaoneka munthu asanayambe ntchito. Pa lamulo la a(n+2) = p×a(n+1) + q×a(n), angowerengetsa p² + 4q. Pa akalulu ndi 5, pa matayilosi ndi 9, pa lamulo lovutali ndi 16 − 16 = 0. Ziro akutanthauza yankho lobwereza. Matirikisi otsagana amalola dayagonalizeshoni pokhapokha ma aigenivalu ake onse akhale osiyana, ndipo mankhwala a vutoli ndi kalembedwe ka Camille Jordan ka mu 1870, kamene kamalola 1 mmodzi kukhala pamwamba pa dayagonalo. Kam'modzi kameneko ndi kamene kamabweretsa n m'fomula: yankho limakhala la mtundu wa (c + d×n)×2ⁿ. Pano c = 0 ndi d = 1/2, ndiye a(n) = n×2ⁿ⁻¹. Pa n = 5 ndi 5×16 = 80, monga mndandanda ukunenera.

Nanga nambala ya 100 ija? Ndi 354224848179261915075, ya madijiti 21, ndipo pano fomula ya Binet, yomwe papepala ilibe cholakwa, imakumana ndi malire a makina. Kompyuta ikamawerengetsa ndi madesimo m'njira yake ya nthawi zonse imasunga madijiti 15 kapena 16 okha. φ amene ili naye ndi wodulidwa, ndipo kacholakwa kakumapeto kamakula nthawi iliyonse imene φ wachulukitsidwa. n akafika cha m'ma 70, dijiti yomaliza imayamba kuphonya. Kuyambira pa F(79), nambalayo imaposa 2⁵³, malire amene kupitirira apo kasungidwe ka madesimoko sikathanso kusunga nambala yathunthu iliyonse. Choopsa chake n'chakuti makinawo sadandaula: amangotulutsa nambala yooneka bwino, yolondola kumayambiriro, yolakwika kumapeto. Woikayikira aiyese ndi lamulo loyambirira, aone ngati ziwiri zam'mbuyo zikuiperekadi zikaphatikizidwa.

Olemba mapulogalamu akafuna madijiti onse amabwerera kwa A mwiniwake, amene ali ndi manambala athunthu okhaokha, n'kumuchulukitsa mochenjera. A² akachulukitsidwa ndi iye mwini amapereka A⁴, ameneyo amapereka A⁸, kenako A¹⁶, A³² ndi A⁶⁴: kuchulukitsa ka 6. Poti 100 = 64 + 32 + 4, kuchulukitsa kwina kawiri kumalumikiza A⁶⁴, A³² ndi A⁴ kukhala A¹⁰⁰. Ponseponse ndi ka 8, popanda desimo ngakhale imodzi, ndipo F(100) amapezeka pakona yakumanja pamwamba. Chofunika n'chakuti pulogalamuyo ikhale yotha kusunga manambala athunthu aatali, chifukwa kuyambira pa F(94) manambala a Fibonacci sakwananso m'mabiti 64.